Sabata yoyamba ya khanda: kuyamwitsa, mchombo, chikasu ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Khanda likadwala silionetsa ngati mwana wamkulu. Nthawi zambiri silitsokomola, mwina silitentha thupi, ndipo sililira kwambiri. Limangoti zii, kugona nthawi yaitali, n'kuyamba kulefuka pa bere. Anthu amatha kuliyamikira kuti ndi lofatsa pamene likudwala. N'chifukwa chake malangizo onsewa akuzungulira pa mafunso awiri oyenera kufunsa tsiku lililonse: kodi mwana akuyamwa bwanji, ndipo m'thewera mukutuluka chiyani? Musanachite china chilichonse, lembani papepala tsiku ndi ola limene mwana wabadwa komanso kulemera kwake. M'sabata yoyamba azachipatala amawerengera msinkhu wa khanda pa maola, ndipo ziwerengero ziwirizi adzazifuna.

Maola 24 oyamba: kufunda

Mwana akangobadwa apukutidwe mpaka aume, nsalu yonyowayo ichotsedwe, kenako agonekedwe pachifuwa cha mayi, khungu kukhudza khungu, onse awiri afunditsidwe pamodzi. Akhale pamenepo ola lathunthu kapena kuposa, ndipo ayambe kuyamwa mkati mwa ola lomwelo. Musamusambitse maola 24 asanakwane. Khanda limataya kutentha msanga, makamaka kumutu, ndipo likazizidwa limatha shuga wa m'thupi pofuna kudzitenthetsa, kenako limalefuka n'kulephera kuyamwa.

Kutentha koyenera, poyeza m'khwapa, ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5. Ngati mulibe choyezera, gwirani pamimba ndi kumapazi ndi kunja kwa dzanja lanu. Mapazi akazizira pamimba pali potentha, mwana wayamba kuzizidwa: muikeni pachifuwa. Ponse pawiri pakazizira ndiye kuti kuzizidwako kwafika patali. Mumuveke chipewa ndi chovala chimodzi kapena ziwiri kuposa zimene mwavala inu. Pogona mumugoneke chagada pamalo olimba, nkhope isaphimbike.

Ngati mwachilira kuchipatala, khalani maola 24 musanatuluke, ndipo funsani ngati mwana wabayidwa vitamini K, amene amateteza kutaya magazi, ndi katemera woyamba. Pambuyo pake mwana aonedwenso pa tsiku la 3, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14. Ulendo wa tsiku la 3 ndi umene anthu amakonda kudumpha, chonsecho ndi pamene mavuto a kuyamwa ndi chikasu amayamba kuonekera.

Kuyamwitsa: kagwiridwe, kuchuluka, ndi umboni wa m'thewera

Mkaka woyamba ndi wolimba, wachikasu, ndipo umatuluka madontho. Ndi wokwanira. Pa tsiku loyamba mimba ya khanda imalandira mamililita 5 mpaka 7 pa kuyamwa kumodzi, kuposa pang'ono supuni yaing'ono imodzi. Pofika tsiku la 3 imalandira pafupifupi mamililita 25, ndipo pakutha pa sabata 45 mpaka 60. Mkaka wambiri umabwera pakati pa tsiku la 2 ndi la 4, ndipo chimene chimaufulumizitsa ndi kuyamwa kwa mwanayo. Mukamupatsa madzi kapena madzi a shuga poudikira, mimba yaing'onoyo imadzaza ndi zopanda chakudya, mwana sayamwa, bere sililandira uthenga woti lipange mkaka, ndipo mwatsegulanso njira ya majeremusi.

Pomuika pa bere tsatani izi. Mutu ndi thupi lake zikhale pamzere umodzi, khosi lisapindike. Mimba yake ikhudze mimba ya mayi. Gwirani thupi lonse, osati mutu wokha. Mphuno yake iyang'anizane ndi nsonga ya bere. Khudzitsani nsongayo pamlomo wapamwamba, dikirani mpaka ayasame kwambiri, ndiye mumubweretse msanga ku bere, chibwano chitsogole. Mwana ndiye apite ku bere, mayi asawerame kumutsatira.

Akagwira bwino muona zinthu zinayi: kamwa layasama kwambiri, mlomo wapansi wapindikira kunja, chibwano chakhudza bere, ndipo khungu lakuda lozungulira nsonga likuoneka kwambiri pamwamba pa kamwa kuposa pansi. Amayamba kukoka mofulumira, kenako amakoka mozama, pang'onopang'ono, akupumira, ndipo mkaka ukabwera mumamva akumeza. Masaya amakhala odzaza. Akamalowa mkati, kapena mukamva kamwa likulira "tcha, tcha", kapena nsonga ikatuluka yophwatalala ngati yatsinidwa, mwana akungoyamwa nsonga yokha. Pamenepo mkaka umatuluka wochepa ndipo bere limachita zilonda. Lowetsani chala chaching'ono choyera pakona pa kamwa kuti asiye, muyambirenso. Kupirira ululu sikukonza kanthu; chokonza ndi kagwiridwe.

Khanda liyamwe ka 8 mpaka 12 pa maola 24, usana ndi usiku. Musadikire kulira. Mwana wanjala amayamba ndi kutembenuza mutu, kutsegula kamwa ndi kuyamwa zala, ndipo nthawi yabwino yomuika pa bere ndi imeneyo. M'sabata ino, akagona maola atatu osayamwa, mudzutseni: muvuleni atsale ndi thewera, muikeni pachifuwa, msisiteni kumsana ndi kumapazi, finyirani dontho la mkaka pamlomo. Amalize bere limodzi mpaka asiye yekha, kenako mpatseni linalo.

Zimene zalowa simungaziyeze, koma zotuluka mungaziwerenge. Mkodzo umatsata masiku: thewera limodzi lonyowa pa tsiku loyamba, awiri pa tsiku lachiwiri, atatu pa lachitatu, ndipo kuyambira tsiku la 5 kapena la 6 akhale asanu ndi limodzi kapena kuposa, mkodzo wake woyera. Timadontho tofiirira ngati fumbi la njerwa m'thewera si vuto pa masiku awiri oyamba, koma tikapitirira tsiku la 3 tikusonyeza kuti mkaka ukuchepa. Chimbudzi choyamba ndi chakuda, chomata ngati phula, ndipo chiyenera kutuluka m'maola 24 oyamba. Pa tsiku la 3 kapena la 4 chimasanduka chobiriwira, ndipo pofika tsiku la 5 chimakhala chachikasu, chofewa, chokhala ndi timibulu. Chimbudzi chakuda pa tsiku la 5 ndi umboni woti mwana sakudya mokwanira, ngakhale azikhala pa bere tsiku lonse.

Pafupifupi khanda lililonse limatsika pa sikelo masiku oyamba, ndipo limabwerera pa kulemera kobadwa nako pakati pa tsiku la 10 ndi la 14. Malire ake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Gawani kulemera kobadwa nako ndi 10, chotsani yankholo pa kulemerako, ndipo lembani chiwerengero chotsalacho. Mwana akatsika kupitirira pamenepo afunika kuonedwa tsiku lomwelo.

Mabere akatupa n'kulimba mkaka utabwera, mwana amalephera kugwira chifukwa kamwa limatsetsereka. Finyani mkaka pang'ono kaye kuti khungu lozungulira nsonga lifewe. Ikani chala chachikulu pamwamba ndi cholozera pansi, m'mphepete mwa khungu lakudalo, kanikizirani chakuchifuwa, kenako panani zalazo n'kumasula, mobwerezabwereza, mukusinthasintha malo. Musakoke nsonga. Luso limeneli liphunzireni msanga, chifukwa lidzafunika tsiku limene mwana wafooka osatha kuyamwa.

Mchombo

Kachidutswa ka mchombo kotsala pamimba ndi mnofu umene ukuuma, koma mkati mwake muli mitsempha yolunjika m'thupi la mwana, wina wake wopita kuchiwindi. Majeremusi akalowa pamenepa amafika m'magazi mosavuta. Ntchito yanu ndi yoti pakhale poyera ndi pouma, basi.

Sambani m'manja ndi sopo musanagwire. Pindani thewera kutsogolo kuti lithere pansi pa mchombo, mkodzo usafikepo ndipo mpweya uzidutsa. Musamange bandeji kapena nsalu pamimba. Pakadetsedwa ndi mkodzo kapena chimbudzi, tsukani ndi madzi oyera, owiritsa n'kuzizira, kenako umitsani ndi kansalu koyera mpaka m'mapindo a patsinde. Kachidutswako kalibe mitsempha yomvera ululu, choncho musaope kukanyamula pang'ono kuti muumitse pansi pake. Mpaka katagwa, ndi bwino kumupukuta mwana ndi nsalu yonyowa m'malo momumiza m'madzi.

Musapakepo phulusa, dothi, mafuta, pauda kapena zitsamba. Zouma zimabwera ndi majeremusi, kuphatikizapo a kafumbata, ndipo zamafuta zimasunga chinyezi. Chokhacho chololedwa ndi mankhwala a kolohekisidini opangidwira mchombo, olembedwa 7.1%, ngati azachipatala akupatsani. Amapakidwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 7, pansonga, m'mbali ndi patsinde, n'kusiya kuti aume. Chenjezo limodzi lalikulu: kabotolo kake nthawi zina kamafanana ndi ka mankhwala a m'maso, ndipo akadonthezedwa m'diso amatha kuchititsa khungu. Kasungeni pakokha.

Mchombo umayamba wotuwa ndi wonyowa, umafota, umada, umalimba, ndipo umagwa wokha, kawirikawiri pakati pa tsiku la 5 ndi la 15. Musaukoke ngakhale utalendewera pa kaulusi. Kadontho ka magazi kapena kachinyezi pang'ono patsinde pamene ukugwa si vuto.

Matenda amadziwika poyang'ana khungu la pamimba lozungulira tsinde, osati kachidutswako. Mafinya, fungo loipa, kufiira kapena kutupa ndi zofunika kuonedwa tsiku lomwelo. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, choncho gwirani: malo otentha, olimba, onyezimira, amene mwana amalira mukawakhudza. Kufiirako kukafalikira pamimba kupitirira sentimita imodzi kuchokera patsinde, kapena mwana akalefuka pa bere, pafunika jakisoni wa kuchipatala mwamsanga, zopaka sizingathandize. Magazi akamadontha osaleka, kanikizani ndi nsalu yoyera ndipo nyamukani. Khanda la makilogalamu atatu lili ndi magazi pafupifupi mamililita 250 okha, ongodzaza kapu imodzi. Kafumbata ali ndi kabweredwe kake: mwana amene ankayamwa bwino masiku oyamba amaleka, kawirikawiri pakati pa tsiku la 3 ndi la 14, nsagwada zimalimba, kamwa silitseguka, ndipo thupi limauma n'kugwedezeka akakhudzidwa kapena akamva phokoso.

Chikasu

Mwa ana 10 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 6 amachita chikasu m'sabata yoyamba, ndipo mwa obadwa masiku asanakwane ndi pafupifupi 8. Ambiri chimatha chokha. Vuto ndi kuzindikira ochepa amene chikukwera mowopsa, chifukwa poyamba onse amaoneka chimodzimodzi.

Gwero lake ndi ili. Khanda limabadwa ndi maselo ofiira a magazi ochuluka, amene amafa msanga kuposa a munthu wamkulu. Akamaphwanyika amatulutsa utoto wachikasu wotchedwa bilirubini. Chiwindi chimausefa n'kuutumiza m'matumbo kuti utuluke ndi chimbudzi, koma chiwindi cha khanda chimayamba ntchito pang'onopang'ono. Ndiye pali mfundo imene imalumikiza chikasu ndi kuyamwa: chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo, utotowo umabwereranso m'magazi. Mwana woyamwa pang'ono amachita chimbudzi chochepa, chikasu chimakwera, chikasucho chimamugonetsa, ndipo akagona amayamwa mocheperanso.

Chikasu chozolowereka chimaoneka pa tsiku la 2 kapena la 3, chimafika pachimake pakati pa tsiku la 3 ndi la 5, ndipo chimazilala pofika milungu iwiri. Mwanayo amakhala watcheru, woyamwa mwamphamvu, wonyowetsa matewera.

Muyang'aneni kawiri pa tsiku, powala bwino masana, pafupi ndi zenera. Nyali zamagetsi zimanamiza mtundu. Muvuleni, kanikizani chala pamphumi kapena pansonga ya mphuno kwa masekondi awiri, chotsani, muone mtundu wa pamalopo magazi asanabwerere. Chitani chimodzimodzi pachifuwa, pamimba, pantchafu, pamiyendo, m'zikhatho ndi pansi pa mapazi. Chikasu chimayambira kumutu n'kumatsika, ndipo chikatsika kwambiri ndiye kuti chachuluka. Kwa mwana wa khungu lakuda musadalire khungu lokha: yang'anani moyera mwa maso, nkhama ndi m'kamwa. Dziwaninso kuti maso amangoona kuti chikasu chilipo, sayeza kuchuluka kwake. Choyeza ndi kachipangizo kokhudzitsa pakhungu kapena kuyeza magazi, ndipo yankho lake limaweruzidwa molingana ndi maola a mwana. Chiwerengero chosadetsa nkhawa pa tsiku la 4 chikhoza kukhala choopsa pa maola 20.

Chikasu chilichonse choonekera m'maola 24 oyamba n'chothamangira nacho kuchipatala, ngakhale chikhale chochepa, chifukwa nthawi zambiri chimatanthauza kuti maselo a magazi akuphwanyika mofulumira, monga zimachitikira magazi a mayi ndi a mwana akasemphana gulu. Chimodzimodzinso chikasu cha m'zikhatho ndi pansi pa mapazi pa tsiku lililonse, ndi chikasu cha mwana wogona kwambiri kapena wosayamwa. Chikafika pamimba, chiyezedwe tsiku lomwelo. Khalani tcheru kwambiri ngati mwana anabadwa milungu 37 isanakwane, ngati ali ndi chotupa cha magazi pamutu chifukwa cha kabadwidwe, ngati mayi ali ndi magazi a gulu O kapena a Rh negetivu, ngati m'bale wake anaikidwapo pa nyali chifukwa cha chikasu, kapena ngati kubanja kuli vuto la magazi lotchedwa G6PD. Mwana wa vuto limeneli maselo ake amaphwanyika ngakhale ndi timipira toyera tonunkha tothamangitsira njenjete m'zovala, choncho zovala za khanda zisasungidwe nato.

Chifukwa chofulumirira ndi ubongo. Bilirubini akachuluka kwambiri amalowa mu ubongo, ndipo zimene amawononga sizibwerera: kugontha ndi kulumala kwa kayendedwe ka thupi. Zizindikiro zake zoyamba ndi kugona kosadzutsika, kulobodoka ndi kuyamwa mofooka. Zikapitirira, mwana amalira mokweza ndi mawu osongoka, khosi ndi msana zimapindikira kumbuyo.

Chithandizo chake ndi nyali yapadera yowala mtundu wabuluu, imene imasintha utotowo pakhungu kuti utuluke ndi mkodzo ndi chimbudzi. Mwana amagonekedwa pansi pake atavala thewera lokha, maso ataphimbidwa, ndipo amapitiriza kuyamwa. Chikakwera mowopsa amamusintha magazi. Kumuika padzuwa sikulowa m'malo mwa nyali imeneyi: kumamuwotcha khungu, kumamuumitsa madzi m'thupi, ndipo choipitsitsa kumadya masiku amene akanayezedwa. Madzi a shuga nawonso satsuka chikasu, popeza njira yake yaikulu yotulukira ndi chimbudzi, ndipo chimene chimayendetsa chimbudzi ndi mkaka.

Chinthu chimodzi cha sabata yachiwiri chiyenera kudziwika panopa. Chikasu chikapitirira masiku 14, kapena 21 kwa wobadwa masiku asanakwane, chiyezedwe. Ndipo chimbudzi chikakhala choyererako ngati choko, mkodzo uli wachikasu chodera, musadikire masiku amenewo, chifukwa mwina njira za ndulu zatsekeka ndipo opaleshoni yake imathandiza ikachitika msanga.

Chitsanzo cha tsiku la 4

Tiyerekeze mwana wobadwa pa milungu 38, wolemera magalamu 3200. Gawo limodzi mwa khumi ndi magalamu 320, choncho malire ake ndi 2880. Masiku awiri oyamba akhala pa bere pafupipafupi, koma mayi akumva kuwawa ndipo nsonga zachita ming'alu. Pa tsiku la 3 mabere atupa, mwana akugwira n'kusiya, akulira usiku wonse. Pa tsiku la 4 wasiya kulira. Wagona maola asanu, ndipo aliyense m'nyumba wapuma, akuti tsopano wakhuta.

Werengani zimene zilipo. M'maola 24 apitawa wayamwa kasanu, kulikonse mphindi zochepa n'kugona. Matewera onyowa ndi awiri pamene pakanakhala anayi, ndipo limodzi lili ndi kadontho kofiirira. Chimbudzi chikadali chakuda. Pazenera, chala chikachoka pamphumi pali chikasu, pachifuwa chimodzimodzi, mpaka pamchombo. Milomo yauma. Pa sikelo akulemera 2850: wataya magalamu 350, pafupifupi magawo 11 pa 100, wadutsa malire.

Nkhani yonse yayambira pa kagwiridwe ka bere. Ming'alu ija inali chizindikiro choyamba, pa tsiku la 2. Mkaka sunkatuluka, mabere anadzaza n'kulimba, kugwira kunavutirapo, chimbudzi chinaima, chikasu chinakwera, ndipo kufatsa kwa lero ndi kufooka. Mwana ameneyu apite kuchipatala tsopano, osati mawa. Pokonzekera ulendo mayi afinye mkaka m'kapu yoyera. Mwana akhazikidwe chokhala pang'ono, mlomo wa kapu ukhudze mlomo wake wapansi, mkaka ungofika pamlomopo kuti aziunyambita yekha. Musamuthire m'kamwa, angatsamwe, ndipo ngati sakumeza n'komwe lekani. Kuchipatala adzayeza bilirubini ndi kuona ngati pafunika nyali, adzafufuza ngati pali matenda a m'magazi popeza kugona ndi kusayamwa ndi zizindikiro zawonso, adzakonza kagwiridwe, ndipo adzakonza zoti mwana azidya maola awiri kapena atatu aliwonse, bere kenako kapu. Zikayenda bwino, matewera amachuluka ndipo chimbudzi chimasintha mtundu m'tsiku limodzi kapena awiri.

Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira. Matenda a m'magazi mwa khanda amakula pa maola ochepa.

Choyamba ndi kusayamwa: mwana amene sanagwirepo bere bwino chibadwire, kapena amene ankayamwa n'kuleka, kukana kawiri motsatizana. Chachiwiri ndi kusatakataka: amangosuntha mukamugwedeza, kapena sasuntha n'komwe, manja ndi miyendo zili lobodo.

Kupuma kuwerengeni mwana ali phee, osati akulira kapena kuyamwa. Vundukulani pamimba, yang'anani wotchi, werengani mphindi yathunthu, chifukwa khanda limapuma modukizadukiza ndipo kuwerenga theka la mphindi kumasokeretsa. Kupuma kozolowereka ndi ka 40 mpaka kuchepera pa 60. Mukapeza 60 kapena kuposa, bwerezani. Zikabwera chimodzimodzi, nyamukani. Nyamukaninso ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati kwambiri akamakoka mpweya, ngati akubuula pa mpweya uliwonse wotuluka, ngati milomo ndi lilime zachita bii, kapena akasiya kupuma masekondi 20. Kupumira kwa masekondi 5 mpaka 10 mtundu osasintha kumachitika mwa makanda athanzi.

Kutentha kopitirira madigiri 37.5 kuonedwe ndi azachipatala. Ngati mwana anafunditsidwa kwambiri, chepetsani zofunda ndi kuyezanso pakapita mphindi 30, koma kukafika 38 musadikire chilichonse. Kuzizira kochepera 35.5 n'koopsa mofanana, ndipo makanda ambiri odwala kwambiri amazizira m'malo motentha.

Kukomoka kwa khanda nthawi zambiri sikugwedeza thupi lonse. Kumatha kukhala maso kutembenuka kapena kungoti tong'o, kamwa kutafuna popanda kanthu, miyendo kupalasa, kapena dzanja limodzi kugwedezeka mobwerezabwereza. Gwirani dzanjalo mofatsa: kunjenjemera wamba kumaleka, kukomoka kumapitirira m'dzanja lanu.

Masanzi obiriwira ngati masamba, ngakhale kamodzi, amatanthauza kuti mwina matumbo atsekeka kapena apotana, ndipo ndi nkhani ya madokotala a opaleshoni. Asiyanitseni ndi kubweza mkaka pang'ono akamaliza kuyamwa. Zina za gulu lomweli ndi mimba yotupa ndi yolimba, kusachita chimbudzi kapena kusakodza maola 24 oyamba atatha, magazi m'chimbudzi kapena m'masanzi, liwombo lotukuka mwana ali phee, zikope zotupa zotuluka mafinya ambiri, ndi matuza a mafinya ochuluka pakhungu.

Pali zina zooneka zoopsa koma zosavulaza: kuyetsemula, ntchirikwi, khungu kusenduka, timawere totupa mwa anyamata ndi atsikana omwe, ndi kachikazi koyera kapena kadontho ka magazi kumaliseche kwa mtsikana. Zotsirizazi zimabwera chifukwa cha mahomoni a mayi ndipo zimatha zokha. Timawereto musatifinye, tingachite chithupsa.

Paulendo wopita kuchipatala, mwana akhale pachifuwa cha mayi kapena cha munthu wina wamkulu, khungu kukhudza khungu, atavala thewera ndi chipewa, mutu utatembenukira kumbali kuti mphuno isatsekeke, nsalu yofunda itakuta onse awiri. Ngati angathe kuyamwa, ayamwe m'njira. Koma amene akusanza zobiriwira, akukomoka kapena akubanika kwambiri asapatsidwe kanthu pakamwa. Musamupatse parasitamo kapena mankhwala ena a pakhomo, amabisa zizindikiro. Tengani buku la chipatala la mayi ndi la mwana, pepala lija la ola lobadwira, ndi thewera kapena nsalu ya masanzi ngati mtundu wake ndi umene wakudabwitsani. Mukafika musaime pamzere: uzani namwino woyamba amene mwakumana naye masiku a mwanayo, chizindikiro chimene mwaona, ndi ola limene anayamwa komaliza.